Maere a Loweruka: tisankhe bwanji wopambana popanda madandaulo?

Mlembi: Moni nonse. Mabuku a matikiti a maere othandizira denga la holo abwera onse 12. Buku lililonse linali ndi matikiti 50, manambala kuyambira 001 mpaka 600. Ogulidwa ndi 437, otsala ndi 163. Mphoto ndi zitatu, yaikulu ndi njinga ija. Chomwe sitinagwirizane ndi kasankhidwe kake. Tiyankhule lero, tisakakanganire pamaso pa anthu.

Wapampando: Zikomo alembi. Ine maganizo anga ndi awa. Tilembe manambala a mabuku, 1 mpaka 12, tiponye m'chipewa. Mwana atole buku limodzi, kenako atole tikiti ya m'buku limenelo. Zachangu, ndiponso aliyense amene anayenda ndi buku adziwa kuti lake linali ndi mwayi wofanana ndi la mnzake.

Mayi wa kwaya: Bola musabweretsenso ndowa. Kumaere ena omwe ndinapitako, bambo wina anakwinya kapepala kake ngati kampira asanaponye, ena tonse tinangopinda pawiri. Wotola atapisa dzanja anatuluka ndi kampira komweko. Kaya anapangana kaya ayi, koma anthu anabalalika akung'ung'udza, ndipo chaka chotsatira matikiti sanayende.

Aphunzitsi opuma: A wapampando, pepani ndikutsutseni pang'ono. Njira yanuyo ikufananitsa mabuku, pamene ife tinagulitsa matikiti. Alembi, buku lomwe linagulidwa pang'ono kwambiri ndi liti?

Mlembi: Buku 10, la manambala 451 mpaka 500. Agulidwa 10 okha, 451 mpaka 460. Mwini wake anadwala. Buku 1 latha lonse.

Aphunzitsi opuma: Basi tiyese ndi awiri amenewo. Buku lililonse lili ndi mwayi umodzi pa 12 wotuluka m'chipewa. Likatuluka buku 1, tikiti yanu ikulimbana ndi ena 49, ndiye mwayi wake wonse ndi umodzi pa 600, chifukwa 12 kuchulukitsa ndi 50 ndi 600. Likatuluka buku 10, m'menemo muli matikiti 10 okha. 12 kuchulukitsa ndi 10 ndi 120. Amene anagula m'buku 10 ali ndi mwayi umodzi pa 120. Anthu awiri alipira ndalama yofanana, koma wina mwayi wake ndi wochuluka kasanu, kungoti anagula kwa munthu amene anadwala. Palibe amene waba, komabe si chilungamo. Tikiti iliyonse iyenera kukhala ndi mwayi umodzi pa 437, kaya inachokera m'buku lanji.

Wapampando: Ha, sindinaganize mpaka kumeneko. Ndabweza mawu anga.

Agogo: Ine ndikugwirizana ndi aphunzitsi. Aliyense akhale ndi mwayi wofanana. Munthu mmodzi, kapepala kamodzi. Kuli ena agula matikiti 20, atilanda njinga ife a tikiti imodzi.

Msungichuma: Agogo, aphunzitsi sananene choncho ayi. Anena tikiti iliyonse, osati munthu aliyense. Wogula 20 waika zambiri padenga, ndipo tinamuuza pogulitsa kuti tikiti iliyonse ilowa. Tikasintha lero, ndiye kuti tamunamiza. Musade nkhawa kwambiri, ngakhale iyeyo mwayi wake pa njinga ndi 20 pa 437, pafupifupi umodzi pa 22. Nthawi zambiri abwerera wapansi ngati ife tomwe.

Agogo: Chabwino mwanawe, ndamva. Koma mtima sukuvomerabe.

Mnyamata wa zamakompyuta: Akuluakulu, bwanji tisavutike? Ndibwera ndi laputopu. Alembi alembe matikiti ogulidwawo pamndandanda, mzere 1 mpaka 437, ine ndilembe izi mu Excel:

```
=RANDBETWEEN(1,437)
```

Nambala yomwe ituluke ndi mzere wa wopambana. Kompyuta ilibe m'bale.

Msungichuma: Kompyuta ilibe m'bale, koma woigwira ali naye. Achimwene, ine Excel ndimaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Nambala imeneyo imasintha nthawi iliyonse mukadina F9, ngakhale mukangolemba kanthu m'kabokosi kena. Ikatuluka 88, wina n'kugunda kiyibodi mwangozi, ibwera ina. Tidzati yoona ndi iti? Sindikukayikira inu ayi, koma agogo atakhala kumbuyo kwa holo adzaona chiyani? Adzangoona mnyamata akudina, kenako akutchula dzina.

Mnyamata wa zamakompyuta: Tikhoza kuonetsa pakhoma ndi pulojekita, n'kugwirizana kuti tidina kamodzi kokha.

Aphunzitsi opuma: Pamasamu njira yako ilibe vuto mwana wanga, ndipo mfundo ya mndandanda ndi yabwino, tiisunge. Vuto ndi lakuti anthu sangaigwire ndi manja. Ine ndikupempha tichite chonchi. Tipeze timatumba titatu tansalu tosaonekera mkati, ndi zitsekerero za mabotolo za mtundu umodzi, zosapindika. Kathumba koyamba ndi ka mahandiredi, muikemo zitsekerero 7 zolembedwa 0 mpaka 6. Kachiwiri ndi kachitatu, zitsekerero 10 kalikonse, 0 mpaka 9. Nambala ilembedwe mkati mwa chitsekerero, ndipo 6 ndi 9 muzidule mzere kunsi kuti zisasokonezeke zikatembenuka. Tisanayambe, tiyale zonse 27 patebulo, aliyense wofuna abwere awerenge. Kuwerenga zitsekerero 27 n'kwa mphindi imodzi, pamene timapepala 437 palibe angatiwerenge pamaso pa gulu kuti atsimikize kuti kake kalimo kapena kuti wina sanaponyemo tiwiri. Ana atatu atole, aliyense kathumba kake. Woyamba akatulutsa 2, wachiwiri 0, wachitatu 7, tikiti ndi 207. Alembi ayang'ana pamndandanda, ngati inagulidwa, mwini wake wapambana.

Mayi wa kwaya: Nanga ikatuluka nambala yomwe sinagulidwe? Matikiti 163 si ochepa.

Wapampando: Apo n'posavuta. Tingopita pa nambala yotsatira yomwe inagulidwa.

Aphunzitsi opuma: Ayi bambo, pamenepo ndi pomwe pali mbuna yeniyeni. Bwererani ku buku 10 lija. Kuyambira 461 mpaka 500 palibe wagula, manambala 40. Alembi, 501 inagulidwa?

Mlembi: Inagulidwa.

Aphunzitsi opuma: Ndiye mwalamulo lanulo, ikatuluka 461 wapambana ndi wa 501. Ikatuluka 475, yemweyo. Ikatuluka 500, yemweyonso. Kuphatikiza nambala yakeyake, ali ndi njira 41 zopambanira, pamene wa 502 ali ndi imodzi. Wolipira tikiti imodzi akhala ngati wagula 41. Lamulo likhale limodzi lokha: nambala ikakhala yosagulidwa, zitsekerero zonse zitatu zibwerere m'timatumba take, tikhutchumule, titolenso kuyambira pachiyambi.

Mnyamata wa zamakompyuta: Zonse zitatu? Bwanji osangobwereza chomalizacho, kuti tisataye nthawi?

Aphunzitsi opuma: Taganiza zikatuluka 4 ndi 6 poyamba. Kuyambira 460 mpaka 469, yogulidwa ndi 460 yokha. Ukamabwereza chomaliza chokhacho, uzingotola mpaka 0 atatuluka, ndiye wa 460 watenga mwayi wa manambala khumi yekha. Choipa kwambiri chili pa 600. Chitsekerero cha 6 chikatuluka m'kathumba koyamba, tikiti yokhayo yoyamba ndi 6 ndi 600. Tikasunga 6 uja n'kumabwereza zinazo, mwini wa 600 adzapambana kamodzi pa maulendo 7 alionse. Mukaona nambala yomwe ili m'mphepete mwa mpata waukulu ikupindula ndi lamulo linalake, dziwani kuti lamulolo ndi lopotoka.

Mlembi: Koma aphunzitsi, sitidzagona pomwepo tikubwereza?

Aphunzitsi opuma: Timatumba titatu timeneti titha kutulutsa manambala 700, kuyambira 000 mpaka 699. Abwino ndi 437. Pa maulendo 8, pafupifupi 5 agwera pa tikiti yogulidwa, 3 apita padera. Pa mphoto zitatu tingatole kasanu, mwina kupitirira pang'ono tsoka likatigwera. Kuphonya kawiri kapena katatu motsatizana kudzachitika ndithu nthawi zina, choncho wolengeza anene zimenezi tisanayambe, anthu asadzaganize kuti tikuzemba nambala ya munthu wina.

Msungichuma: Ine nkhawa yanga ili pa mndandanda. Njira imeneyi yonse yatsamira pa mawu akuti "inagulidwa" kapena "sinagulidwe". Wina atakhala ndi tikiti yosagulidwa m'thumba, nambala yake n'kutuluka, akhoza kuilemba dzina pomwepo. Choncho Lachisanu madzulo nditseke kaundula. Tikiti yomwe ndalama yake sinafike kwa ine pofika nthawi imeneyo, silowa, ngakhale wogulitsa alumbire kuti munthuyo alipira mawa. Mndandanda wa manambala 437 ndiutumiza muno usiku womwewo, wina timata pakhomo la holo, ndipo anthu awiri omwe si a komiti asainepo. Matikiti 163 otsalawo tiwadule mzere ndi cholembera, akhale patebulo mu envelopu. Wina akakayikira kuti 475 sinagulidwe, titulutsa tikitiyo aione.

Mayi wa kwaya: Pamndandanda wapakhomowo mulembe manambala okha chonde, mayina akhale kwa alembi. Ena sanauze amuna awo kuti agula angati.

Mlembi: Hahaha, zamveka mayi. Manambala okha. Aliyense aone yake Loweruka m'mawa, ngati palibe adandaule maere asanayambe. Nanga ana otolawo tiwapeza bwanji?

Wapampando: Asankhidwe ndi gulu pompo, asakhale ana a m'nyumba za a komiti. Malaya a manja aafupi, atambasule chikhatho anthu aone, ayang'ane kumbali potola. Chitsekerero achikweze m'mwamba, ndipo awerenge mokweza ndi munthu wina wa m'gulu, osati ife.

Agogo: Nanga wa matikiti 20 uja akapambana njinga, alowanso pa mphoto yachiwiri?

Aphunzitsi opuma: Tikiti yomwe yapambana yatha ntchito, nambala yake ikatulukanso titolanso. Koma 19 zinazo analipira, ine ndikuona kuti zikhalebe.

Mayi wa kwaya: Ine ayi. Munthu mmodzi kunyamula mphoto ziwiri pamaso pa anthu onse aja, ngakhale masamu avomere, anthu sadzamvetsa.

Msungichuma: Pa tikiti sitinalembepo kuti munthu apambana kamodzi kokha. Komanso ena analemba mayina a ana awo, mudzadziwa bwanji kuti ndi thumba limodzi? Funso linanso ndi ili, a komiti tinagula nawo. Ine ndili ndi matikiti 6, ndipo ndine wosunga kaundula.

Wapampando: Zitsekerero sizidziwa kuti msungichuma ndani. Koma njinga ikakugwerani, mayi, mudzavutika kuikwera masana. Ziwiri zimenezi tivote Lachinayi pamsonkhano, ndipo chomwe tigwirizane chilembedwe pamwamba pa mndandanda usanamatidwe.

Mnyamata wa zamakompyuta: Laputopu ndiisiya kunyumba. Ndijambula vidiyo pafoni kuyambira poyala zitsekerero mpaka mphoto yomaliza, osadula. Zitsekerero ndili nazo 19 zofanana, amene ali ndi zina 8 za mtundu womwewo andiuze, nditumiza chithunzi.