Kapepala ka panado wamadzi wa ana, "maola 4 aliwonse" ndi "osapitirira kanayi" zikugundana

Nangondo

Anzanga thandizeni, lachisanu ndikuyenera kupereka ntchito ndipo mutu wayima. Andipatsa kapepala ka parasitamo wamadzi wa ana, uja wa 120 mg mu 5 ml, kuti ndikaike m'Chichewa, akufuna kukagawa ku Epworth ndi m'mafamu ozungulira Harare komwe agogo ambiri olera zidzukulu amawerenga Chichewa cha ku tchalitchi osati Chingerezi. Mzere wa mlingo ukuti mwana wa zaka 2 mpaka 4 amwe 7.5 ml maola 4 mpaka 6 aliwonse ngati pakufunika, osapitirira kanayi pa maola 24. Ndamasulira ndendende nkukawerengetsa amayi awiri kwathu ku Mufakose, wina wamva kuti azimwetsa maola 4 aliwonse osadumphitsa, nde kumeneko ndi kasanu ndi kamodzi pa tsiku osati kanayi. Winayo wawerenga 7.5 ngati 75, kadontho sanakaone nkomwe. Kasitomala akuti ndisasinthe kanthu, malo pa pepala ndi ochepa, komanso akufuna kubwezera ku Chingerezi kuti aone ngati zikufanana liwu ndi liwu. Nditani?

Che Jafali wa ku Mbare

Achemwali musavutike, lembani kuti tiyisupuni imodzi ndi theka basi. 5 ml ndi tiyisupuni imodzi, aliyense amadziwa. Ma ml amenewo ndi a anamwino, gogo wa pafamu ml sayidziwa.

Sisita Nachisale

Che Jafali ayi, supuni musayiyike pamenepo chonde. Masupuni a m'khitchini salingana, ena ang'ono ena aakulu, ndipo m'nyumba zambiri mawu oti supuni amatanthauza yodyera phala ija. Supuni yaikulu yoyezera ndi 15 ml. Mwana woyenera 7.5 ml amafunika 180 mg, mukampatsa yaikulu imodzi ndi theka wamwa 22.5 ml, ndiye 540 mg, katatu mlingo wake, ndipo mayi abwereza zomwezo madzulo osadziwa kuti pali cholakwika.

A Nangondo, za 7.5 lembani manambala ndi mawu pamodzi, "7.5 ml (7 ndi theka)", ndipo muuze kasitomala kuti pakhale chithunzi cha choyezera chokhala ndi mzere pa 7.5 pomwepo. Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi mawu oti tsiku. Kwa ife tsiku limayamba kukacha. Tiyerekeze mwana watentha thupi masana, mayi ampatsa 2 koloko masana, 6 koloko madzulo, 10 koloko usiku, kenako 2 koloko usiku chifukwa akungolira. Kanayi kakwana ndipo sanalakwitse chilichonse, maola 4 akusiya pakati. Kukacha 6 koloko iye akuti lero ndi tsiku lina, ayambanso kuwerenga, pomwe maola 24 akwana 2 koloko masana. Wa 6 koloko uja ndi wachisanu, wa 10 koloko wachisanu ndi chimodzi. Ndiye "kanayi pa tsiku" sikokwanira, pamafunika kunena usana ndi usiku womwe, komanso kuti kuwerenga kumayambira pomwe anamwa koyamba.

Nangondo

Eeh za tsikuzo ndi zomwe zinandisokoneza pomvetsera amayi aja. Nanga ndikawagawa mizere chonchi?

Mupatseni 7.5 ml (7 ndi theka) nthawi imodzi, pokhapokha ngati thupi latentha kapena akumva kuwawa.
Musampatsenso pasanathe maola 4.
Musampatse koposa kanayi pa maola 24, usana ndi usiku womwe, kuwerengera pomwe munampatsa koyamba.

Koma 6 uja wasowa, ndipo wobwezera ku Chingerezi adzagwira pomwepo.

Bambo Kalulu

Ine ndikuona ngati mukuchulutsa. Kuchipatala amangojambula dzuwa likutuluka, dzuwa pamutu, dzuwa likulowa ndi mwezi pa kathumba ka mapiritsi, munthu amamwa m'mawa masana madzulo usiku, nkhani yatha. Mayi anga a shuga ndi BP amamwa choncho zaka zonsezi osaphonya, kuwerenga sadziwa. Ikani zithunzi zinayizo.

Sisita Nachisale

Abambo, zimenezo zimathandiza pa mankhwala omwa tsiku lililonse pa nthawi yake, ngati a mayi anuwo kapena amokisilini woti umalize botolo. Panado ndi wina, amamwa pakafunika. Mukajambula zinayizo mwamuuza mayi kuti amwetse kanayi ngakhale mwana akusewera panja bwinobwino. Kanayi pano ndi malire, si lamulo loti akwanitse.

A Nangondo mizere yanu itatu ili bwino, mzere umodzi lamulo limodzi. 6 mubwezereni mu mzere wachiwiri, "Dikirani maola 4 mpaka 6 musanampatsenso. Musampatsenso pasanathe maola 4." Ndipo mulembe 6 ngati nambala, musalembe asanu ndi limodzi, ndinamvapo munthu akuwerenga pang'onopang'ono nkuyima pa asanu.

Che Jafali wa ku Mbare

Koma za supuni simunandiyankhe bwino. Botolo lafika pafamu lopanda bokosi, kachoyezera kanatayika kalekale kapena anagula pa tebulo pamsika opanda kalikonse, mayi ali ndi mwana wotentha pakati pa usiku. Pepala lanu likuti 7.5 ml. Ayeza ndi chani? Atenga supuni yomweyo mukuikanayo, ndipo poti simunamuuze kuti yaing'ono atenga iliyonse. Bola kumuuza zoona kuti yaing'ono ya tiyi.

Mai Gondwe

Ine ndimagwira m'famase m'tauni muno ndipo ndimamasulirako madzulo. Che Jafali vuto mukunenalo ndi lenileni, sindikutsutsa, koma yankho lake si la womasulira. Ngati pepala loyambirira silinatchule supuni, inu simungaiyike. Kapepala ka m'bokosi kamadutsa ku MCAZ, bungwe loyang'anira mankhwala muno mu Zimbabwe, pamodzi ndi mankhwala polembetsa, womasulira akawonjezera njira yake yoyezera ndiye kuti walemba malangizo atsopano a mankhwala, chikachitika china dzina lili pamenepo ndi lake. Chimene mungachite a Nangondo ndi kulemba kalata kwa kasitomala kuti anthu ambiri alibe choyezera, ogawa mapepalawo agawenso masirinji, kapena wa zamankhwala wawo avomereze mzere woti "ngati mulibe choyezera kapempheni ku kiliniki kapena ku famase".

China chomwe palibe watchula, mphamvu ya mankhwala. Parasitamo wamadzi si wa mphamvu imodzi, ulipo wa 120 mg mu 5 ml ulipo wa 250 mg mu 5 ml wa ana okulirapo, ndipo abale ochokera ku Joni kapena ku Ulaya amabwera ndi mabotolo osiyanasiyana m'zikwama. Pepala lanu likasiyana ndi botolo lake nkugwiritsidwa ntchito pa la 250, 7.5 ml yomweyo ndi 375 mg m'malo mwa 180. Pamwamba penipeni pakhale mzere woti mlingo uwu ndi wa botolo lolembedwa 120 mg/5 ml lokha, manambalawo alembedwe mmene akuonekera pa botolo kuti munthu angofananitsa ndi maso.

Nangondo

Mai Gondwe zikomo, mzere umenewo pa Chingerezi uli pansi m'tizilembo ting'onoting'ono, ndipempha aukweze. Nanga sirinji ndiitchule bwanji? Ndinalemba jakisoni woyezera koma sizikundikhalira.

Sisita Nachisale

Jakisoni chotsani msanga! Ndili kukiliniki ina zaka zapitazo kunabwera agogo ena atanyamula mdzukulu ndi kasirinji kam'kamwa kaja m'manja, akuti tawapatsa jakisoni wopanda singano ndiye abwera kuti tiwapatse singano yake akabaye okha kunyumba. Mwamwayi anabwera kudzafunsa. Lembani "sirinji yomwetsera m'kamwa, yopanda singano", ndi mzere wina woti mankhwalawa ndi akumwa basi. Ndipo atsire pang'onopang'ono m'mbali mwa tsaya, osati kupopera kukhosi, mwana amatsamwa.

Chenjezo la kupyola mlingo mwalimasulira bwanji? Pamenepo ndi pomwe mapepala ambiri amafewetsa. Mwana amene wamwa parasitamo wambiri tsiku loyamba akhoza kuoneka bwinobwino, mwina kusanza pang'ono basi, chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete, maso achikasu ndi kuwawa kumanja pansi pa nthiti zimabwera patapita masiku awiri atatu. Mankhwala oletsa poizoni wake amagwira bwino kwambiri akaperekedwa pasanathe maola 8. Ndiye mukalemba mwaulemu kuti "mungathe kuonana ndi dokotala" mayi adikira aone ngati mwana adwale. Pakhale lamulo: "Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akuoneka kuti ali bwino. Tengani botolo." Mawu oti ngakhale akuoneka kuti ali bwino asachoke ngakhale malo achepe bwanji.

Bambo Kalulu

Kwathu mwana akamwa mankhwala ambiri timangomupatsa mkaka kapena kumusanzitsa, zimenezo simungaikepo?

Mai Gondwe

Ayi abambo, mkaka suletsa parasitamo ndipo kusanzitsa mwana ndi kowopsa, kumangotayitsa nthawi yopitira kuchipatala. A Nangondo onaninso mzere woletsa kuphatikiza ndi mankhwala ena okhala ndi parasitamo. Mukalemba "musaphatikize ndi panado wina" anthu amva mapiritsi oyera aja okha, pomwe mankhwala ambiri a chimfine nawonso ali ndi parasitamo mkati. Tsiku ndi tsiku pa kauntala mayi amagula awiri onse, wa kutentha thupi ndi wa chimfine, kwa iye ndi matenda awiri mankhwala awiri. Tchulani chimfine mwachindunji ngati kasitomala alola, ndipo dzina la mankhwala lilembedwe mmene lilili pa botolo kuti alipeze akamafufuza. Komanso uja woti kutentha thupi kukapitirira masiku atatu apite kuchipatala, anthu athu amayenda kupita kumudzi ndi kubwera, mwana wangochokera ku Malawi watentha thupi akhoza kukhala malungo, panado angoziziritsa thupi matenda akukula. Ameneyo asadikire nkomwe masiku atatuwo.

Che Jafali wa ku Mbare

Zonsezi nzabwino koma pepala ladzaza tsopano, agogo awerenga mizere ingati? Ine ndamasulira za umoyo kuyambira kale, pepala likatalika anthu amakulungira mtedza. Ndipo ndibwerezanso, masirinji sadzafika pafamu, mudzaona. Tiyisupuni ilipo m'nyumba iliyonse.

Nangondo

Che Jafali za kutalika mukunena zoona, ndikuvutika nazo pano, Chichewa chathu chikudya malo kuposa Chingerezi ndipo akukana kuwonjezera tsamba. Supuni sindiika pokhapokha wa zamankhwala wawo atasaina yekha. Mawa ndikawerengetsanso amayi ena ku tchalitchi, ndiwapatsa botolo la madzi ndi sirinji kuti ayeze ndikuona, osangowafunsa ngati amva, chifukwa aliyense amayankha kuti eya.

Sisita Nachisale

Muwafunsenso kuti mwana wamwa 2 koloko usiku kachinayi, walira 6 koloko m'mawa, mutani? Akayankha kuti ndimupatsa, mzere wa maola 24 sunagwire. Ndipo mupezeko mmodzi wobadwira konkuno amene Chichewa chake chasakanikira ndi Chishona, achinyamata a ku Mabvuku ndi Tafara ena mawu oti mlingo sawadziwa nkomwe.

Mai Gondwe

Mlingo ngakhale akuluakulu ena amaumva ngati wa ufa. Ine ndimalemba "kuchuluka kwa mankhwala oti amwe nthawi imodzi" koma ndi wautali. Alipo ali ndi lalifupi lomwe analiyesapo pa anthu?