Lachinayi ndili ndi intavyu: akandifunsa chifukwa choti andilembe ntchito ndiyankhe bwanji?

Abale a pagulu pano ndithandizeni. Andiitana ku intavyu Lachinayi ku kampani ina yaing'ono yogulitsa zipangizo zomangira ku Kanengo, akufuna munthu woyamba kumene woyendetsa za mu ofesi. Pa chidziwitso analemba ntchito izi: kulandira alendo ndi kuyankha foni, kusunga mafayilo, kulemba maminitsi, kusunga ndalama za pete kashi, komanso kudziwa Word ndi Excel. Ine ndili ndi MSCE ndi satifiketi ya zamalonda. Ntchito yolipidwa sindinagwirepo, kupatula atachimenti ya miyezi itatu mu ofesi ya sukulu ina yoyima payokha. Ndimalembanso mabuku a banki m'khonde yathu.

Funso lomwe likundisowetsa tulo ndi lija loti "tikulembeni ntchito chifukwa chiyani?" Ndakonza chonchi: "Ndine wolimbikira, wokhulupirika, woopa Mulungu, ndimagwirizana ndi aliyense, ndipo ntchitoyi indithandiza kusamalira mayi anga ndi ang'ono anga." Kodi zili bwino?

Mayankho

Mayi wina amene amakhala nawo pa mapanelo ofunsa anthu pa intavyu:
Achemwali, musakhumudwe, koma yankho limenelo ndalimva kangapo tsiku limodzi. Amene akalowe inu musanalowe akanenanso kuti ngwolimbikira, ndipo ife tilibe poyezera. Za mayi anu zichotseni. Nzoona, koma zikunena zomwe kampani ikuchitireni inu, pomwe funso likufuna zomwe inu muichitire.

Yankho lili kale pa chidziwitso chawocho. Pa ntchito zisanu alembazo sankhani ziwiri kapena zitatu zomwe munazigwirapo ndi manja anu. Tandiuzeni kaye, kusukulu kuja mumapanga chiyani kwenikweni? Osati "kuthandiza mu ofesi" ayi.

Wofunsa:
Zikomo amayi. Ndimalemba malisiti a fizi, kulowetsa makalata obwera mu kaundula, ndi kutayipa makalata opita kwa makolo. Mafayilo a ophunzira ndinawapeza atasakanikirana m'makatoni, ndiye ndinawasanja potsata fomu ndi dzina la bambo, nkulemba mndandanda wake mu Excel. Ku banki m'khonde tilipo 18, ndipo pogawana mu Disembala mabuku anagwirizana ndi ndalama za m'bokosi.

Mayi wa mapanelo uja:
Ndiye mumabisiranji zimenezi? Ndilemba m'Chichewa, inu mukaike m'Chingerezi chanu chomwe mumayankhula, osati cha m'buku:

"Ndaona pa chidziwitso chanu kuti mukufuna munthu wosunga bwino mafayilo ndi pete kashi, komanso wolandira alendo. Zimenezi ndazigwirapo. Pa atachimenti yanga ndinapeza mafayilo a ophunzira ali m'makatoni, ndinawasanja potsata fomu ndi dzina, nkupanga mndandanda mu Excel, moti kholo likabwera fayilo imapezeka lisanakhale nkomwe pampando. Pa ndalama, ndimalemba malisiti a fizi tsiku lililonse, ndipo ndimasunga mabuku a gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama la anthu 18, omwe anagwirizana ndi ndalama pa nthawi yogawana. Ndikungoyamba kumene, choncho kachitidwe ka ofesi yanu ndikaphunzira kwa inu, koma kalata, lisiti kapena uthenga wa pa foni ukadutsa pa tebulo langa mudzaupeza utalembedwa."

Zimenezi zikutengerani mphindi imodzi kapena kupitirira pang'ono. Mukamaliza khalani chete, musayambenso mbiri ya kwanu. Onani kuti simunanene kuti ndinu wokhulupirika, koma mabuku ogwirizana aja anena okha. Koma za fayilo kupezeka msangazo munene ngati zinalidi choncho, chifukwa ena timaimbira foni komwe munali.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Sisi ingolowezani zomwe alemba madamuzi liwu ndi liwu, basi ntchito mwaipeza. Komanso mukawonjezere kuti mumadziwa mapulogalamu onse a pa kompyuta, mabwana amakonda zimenezo.

Wina amene analembedwa chaka chatha:
Amwene, za mapulogalamu onsezo musawanamize anzanu. Ine kwathu titangomaliza kuyankhula anatikhazika pa kompyuta mmodzimmodzi. Anatipatsa pepala la zogula za mwezi kuti tilowetse mu Excel nkupeza chiwerengero chonse. Mnzathu wina amene anati ndi katswiri anatulutsa foni nkumawonkhetsa pa kakyuleta. Chomwe chimafunika chinali kungolemba =SUM(C2:C31) pansi pa mzerewo. Kenako anati titayipe kalata yopempha kotesheni ya mapepala, mabokosi 5. Achemwali, chilichonse mungatchule m'yankho lanu konzekerani kuchionetsa.

Bambo wina wa za ndalama:
Ine ndiwonjezere pa pete kashi, chifukwa mukangoitchula wa ku akaunti pa panelo akudzukirani. Adzafunsa kuti mumaisunga bwanji. Tiyerekeze akupatsani K100,000 ya mu bokosi. Aliyense wotenga ndalama, kaya ya shuga wa tiyi kaya ya kabaza wopititsa kalata, amasaina vocha, ndipo akabwera amabweretsa lisiti ndi chenji. Nthawi iliyonse bwana akatsegula bokosilo, mavocha kuphatikiza ndalama zotsala zikwane K100,000. Ngati mavocha akwana K73,500, m'bokosi mukhale K26,500, ndipo popempha zowonjezera mumapempha K73,500 yomweyo kuti zibwerere pa K100,000.

Kenako amakutcherani kamsampha: "mwawerenga mwapeza K2,000 yasowa, mutani?" Ambiri amati ndibweza ya m'thumba mwanga mwakachetechete, poganiza kuti akuonetsa kukhulupirika. Ine ndikamva zimenezo ndimachita mantha, chifukwa wobisa K2,000 lero adzabisanso zambiri. Nenani kuti muwerenganso, muona ngati pali amene anatenga osasaina, ndipo ikapanda kupezeka muuza bwana tsiku lomwelo.

Koma ndikusiyana pang'ono ndi amayi aja pa banki m'khonde. Mabwana ena akamva zimenezo amaganiza kuti muzidzabwereka ya mu bokosi kukaponya masheya. Ine ndikanangotchula malisiti a fizi.

Mayi wa mapanelo uja:
Bambo, nkhawa yanu ndaimva, koma malisiti a fizi ankalemba pali wina womuyang'anira, pomwe mabuku a gulu anasunga yekha mpaka kugawana. Kwa ine umboni wamphamvu ndi umenewo. Mwina angosamala kanenedwe, atchule mabuku ndi anthu 18, asatchule zoti iyenso amabwereka.

Mlongo wina wa ku Joni:
Musavomere zochepa, auzeni kuti poyambira mukufuna zingati, Kanengo ndi kutali, thiransipoti yokha ikudyerani theka.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Asisi funso si la malipiro. Komabe tinene zoona, ntchito zotere nthawi zambiri amakhala atapatsa kale mphwake wa bwana.

Wina amene analembedwa chaka chatha:
Zimachitika, koma ine ndinalibe wachibale kumeneko. Chinanso, mawu oti "ndikungoyamba kumene" ine ndingawachotse. Bwanji kuwakumbutsa zomwe mulibe?

Mayi wa mapanelo uja:
Kalata yake yofunsira ntchito ili patsogolo pawo, akudziwa kale. Akanena yekha m'chiganizo chimodzi nkudutsa, funso loti "nanga poti simunagwirepo ntchito?" limafooka. Chomwe sindifuna ndi kupepesa. Zolowezazo ayi: asunge m'mutu mafayilo, ndalama, ndi mawu otsekera. Woloweza timamudziwa, akadulidwa pakati ndi funso amayambiranso poyamba.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Za mayi anga ndachotsa. Banki m'khonde ndiisiya momwemo koma ndinena monga anenera amayiwa. Chatsala ndi maminitsi: ndinalembapo a kwaya kutchalitchi basi. Ndiwatchule m'yankho lomweli kapena ndidikire afunse okha?

Bambo wa za ndalama:
Dikirani afunse. Mukawonjezera chachinayi yankho litalika. Koma nyamulani tsamba limodzi lotayipa bwino, mutafufuta maina a anthu.