Zomwe tinachita pa nkhani ya katundu wosowa m'nyumba yosungiramo

Mwezi watha ndinafunsa kuti: "Kodi tilembe bwanji mashelefu kuti otenga katundu asamataye nthawi, komanso katundu asamasowe pomwe m'kaundula alimo?"

Malangizo amene anatithandiza kwambiri ndi akuti chizindikiro chizitchula malo osati katundu, chifukwa katundu amasinthasintha koma shelefu imakhala pomwepo. Tsopano malo aliwonse ali ndi nambala yakeyake, monga `B-04-2-03`, kutanthauza mpata B, chigawo chachinayi, shelefu yachiwiri kuchokera pansi, malo achitatu kuchokera kumanzere. Ziro wa kutsogoloyo ndi wofunika, popeza popanda iye kompyuta imaika 10 patsogolo pa 2, ndipo wotenga katundu amangoyenda chobwerera. Zigawo za manambala osagawika ndi 2 tinaziika kumanzere kwa mpata, zinazo kumanja, kotero kuti munthu amadutsa mpatawo kamodzi kokha.

Cholakwa chinali changa poyamba. Ndinamata zizindikiro pa mtanda wa shelefu popanda muvi, ndipo anzanga ena ankaganiza kuti chizindikirocho chikunena za katundu wa pamwamba, ena wa pansi. Tinazindikira vutoli titawerenga katundu: makatoni 12 amene ankasowa pa `B-04-2-03` anapezeka pa `B-04-1-03`, pansi pake penipeni. Tinasindikizanso zizindikiro zonse ndi muvi woloza m'mwamba.

Chomwe chatsala ndi katundu wobwezedwa ndi makasitomala, amene timuikira malo akeake okhala ndi nambala sabata ino.