Linki ya fomu yandidyera bandulo ya anthu, ndilembe bwanji?

Wa ku Mufakose: Anzanga ndithandizeni maganizo. Ndimasamala webusayiti ya kabungwe kathu kothandizana pa maliro, ndiye ndinaikapo fomu yolowera, linki yake ndinangolemba kuti "Dinani apa". Dzulo mayi ena achikulire andiimbira odandaula kuti anadina ali mu kombi kupita kutauni, foni yangozungulira zungulira mpaka kabandulo kawo katha fomu osatseguka, ndipo iwo amaganiza kuti ndi peji wamba osati fayilo. Zandikhudza kwambiri. Fomuyo ndi PDF ya masamba 6 yochita kusikana, pa Windows ikuonetsa 14,336 KB. Pa linkipo ndilembe chani kuti munthu adziwiretu?

Wa ku Mbare: Achimwene masamba 6 okha 14 MB?? Munasikana mwa mitundu inu, sikananinso mwa kuda ndi kuyera itsika kwambiri

Wa ku Mufakose: Zoona ndipo ndichita, koma palinso malamulo a bungwe ndi lipoti la ndalama zomwe sindingazichepetse lero, funso langa ndi la mawu a pa linki

Wa ku Dzivarasekwa: Ine ndimangoika kachizindikiro kofiira ka PDF pambali, kukula ndimalemba mu `title` kuti peji izioneka yoyera, munthu akaika mawusi pamwamba zimatuluka zokha

Wa ku Highfield: Achimwene a ku Dzivarasekwa, mwagwira pakuti mtundu wa fayilo ndi kukula zonse zikufunika, koma pomwe mwaziikapo ndi pobisika. Mayi aja anali pa foni, pa foni palibe mawusi, ndiye za mu `title` sakanaziona n'komwe. Kachizindikiro nako netiweki ikafooka kamachedwa kutuluka, komanso si aliyense amadziwa kuti kofiirako ndi PDF. Lembani m'mawu basi, dzina la chinthucho poyamba, kenako mtundu ndi kukula:

```html
<a href="/mafomu/kulowa.pdf">Fomu yolowera bungwe (PDF, 14 MB)</a>
```

Onetsetsani kuti mtundu ndi kukulazo zili mkati mwa `<a>` osati kunja. Ndinakhalapo pambali pa m'bale wina wosaona yemwe amagwiritsa ntchito NVDA, pulogalamu yowerenga mokweza zomwe zili pa sikirini, iye akatsegula peji amangodina Insert+F7 n'kutulutsa mndandanda wa malinki okhaokha, mawu ena onse ozungulira amatsala. Ndiye ndinamva ndekha makina akuwerenga "dinani apa, dinani apa, dinani apa" katatu, iye n'kundifunsa kuti fomu ndi iti pamenepa. Kuyambira tsiku limenelo zonse ndimazitsekera mu linki momwemo.

Wa ku Mufakose: Zikomo achemwali, koma 14 MB mwaipeza bwanji? Ine ndikagawa 14,336 ndi 1000 ndikupeza 14.3, ndipo pa foni yanga fayilo yomweyo ikuti 14.68 MB, ndasokonezeka

Wa ku Highfield: Fayilo ndi imodzi yomweyo, kuwerenga kwake ndi kosiyana. Windows imawerenga KB imodzi ngati mabayiti 1024, ndiye 14,336 mugawe ndi 1024 mupeza 14 ndendende. Foni yanuyo ikuwerenga mwa 1000, mabayiti onse ndi pafupifupi 14,680,000 n'chifukwa ikuti 14.68. Owerenga safuna madesimo amenewo, akungofuna adziwe ngati bandulo ikwana, mukalemba 14 MB kapena 15 MB palibe wapwetekedwa. Chomwe ndikukanizani ndi kulemba 14,336 KB, nambala yaitali choncho munthu sangaiyerekeze ndi bandulo yomwe anagula mwa ma MB. KB isungireni tifayilo tosafika 1 MB, monga 350 KB. Ndipo mukadina Properties tengani pa `Size` osati `Size on disk`.

Wa ku Mbare: Ine yanga inali ya mtundu. Tinaika fomu ya Word osanena, anthu ena mafoni awo analibe pulogalamu yotsegulira, anadawuniloda kawiri katatu poganiza kuti yaduka panjira. Koma kodi ndilembe DOCX kapena Word? Kwathu kuno DOCX palibe akuidziwa

Wa ku Highfield: Word. Momwemonso Excel m'malo mwa XLSX. PDF yokha ndi yomwe anthu anaizolowera ndi dzina lomwelo.

Wa ku Dzivarasekwa: Chabwino za `title` ndagonja. Koma vuto ndi ili, achimwenewa akasikananso fomu ija mawa ikhala mwina 1 MB, linki izingonenabe 14 MB, anthu aziopa kudina pachabe. Ine ndikuti kukula kuzituluka kokha, pa WordPress `filesize()` ndi `size_format()` zimachita zimenezo

Wa ku Highfield: Pa webusayiti ya mafayilo mazana ndikuvomereza. Pa mafayilo atatu ine sindingagwire kodi, ndingangozolowera kuti ndikasintha fayilo ndisinthenso linki nthawi yomweyo.

Wa ku Dzivarasekwa: Mpaka tsiku lomwe mlembi wa bungwe adzasinthe yekha inu kulibe

Wa ku Mufakose: Pakali pano ndine ndekha ndili ndi pasiwedi ndiye ndalemba pamanja onse atatu. Lipoti la ndalama ndi Excel, 620 KB. Mayi aja ndawasindikizira fomu pa pepala, ndiwapatsira Loweruka ku msonkhano.