Tenda yopereka mapepala ija: zomwe zidachitika

Mwezi watha ndidafunsa kuti: "Mtengo wanga unali wotsika kuposa wa onse, nanga andikaniranji?"

Eni tendayo ndidawalembera kalata yopempha zifukwa, ndipo ayankha. Mtengowo sadauone n'komwe. Amayamba aona ngati zikalata zonse zakwana, kenaka ngati katundu akufanana ndi yemwe adapempha, mtengo umabwera kumapeto. Ine ndidagwa pakhomo penipeni. Adalemba kuti mtengo ukhale wosasintha kwa masiku 90, koma ine pa fomu ndidaika 60, poopa kuti mapepala angakwere. Masiku 30 okhawo adanditayitsa ntchito, ndipo zotere salola kukonza tenda ikatsekedwa.

Pa tenda ina ya sabata ino ndaika 90 monga afunira, phindu ndalikweza pang'ono kuti mapepala akakwera ndisalire. Chikalata cha msonkho nachonso ndachiona, chikadali ndi mphamvu mpaka tsiku lotsekera litadutsa.