Tiyike akuthawa mumsika wa Kapata, koma ndime yakana kuthamanga

Nambewe:
Akuluakulu, ndithandizeni pa mutu wachisanu ndi chiwiri wa nkhani yanga. Tiyike, mtsikana wa zaka 15, watenga mapepala a puloti ya malemu bambo ake m'nyumba ya bambo ake aang'ono, amene analanda zonse maliro atangotha. Ali ndi mlongo wake Dalitso, wa zaka 6. Yohane, mwana wa bambo aang'onowo, akuwapirikitsa kudutsa mumsika wa Kapata kulowera kumtsinje wa Lunkhwakwa, ndipo ndi nthawi ya dzinja. Gawo lonse lili ndi mawu 600, koma amene aliwerenga akuti likukwawa. Likuyamba motere:

"Tiyike atacheuka n'kuona kuti Yohane akubwera kumbuyo kwake ali wokwiya kwambiri, anagwira dzanja la mlongo wake ndipo anayamba kuthamanga mwamantha kudutsa pakati pa anthu ambiri amene ankagula ndi kugulitsa zinthu zosiyanasiyana, uku akuganizira mmene bambo ake anavutikira kuti apeze malowo."

Vuto lili pati?

aTembo:
Asisi, chiganizo chimodzi chasenza zinthu zisanu. Munthu wothawa sapuma choncho. Chotsani "mwamantha", chotsani "kwambiri", chotsani "zinthu zosiyanasiyana", za bambo akezo zidikire. Chiganizo chisapitirire mawu anayi mpaka atafika kumtsinje. Mwachitsanzo: "Tiyike anacheuka. Anaona Yohane. Anagwira Dalitso. Anathamanga. Analowa mumsika. Anakhota. Anagwa. Anadzuka."

aPhiri aphunzitsi:
Zochotsazo aTembo anena zoona, zipite zonse. Koma lamulo la mawu anayi ndikulikana. Werengani mokweza chitsanzo chawocho. Muli aneni asanu ndi atatu, onse oyamba ndi "ana-", ndipo ziganizo zake n'zofanana msinkhu. Chikumveka ngati munthu mmodzi akusinja mumtondo: kugunda kumodzimodzi, kosafulumira, kosachedwa. Pofika chiganizo chachisanu khutu lazolowera, mantha atha.

Pali zinthu ziwiri pamenepa. Choyamba, m'chinenero chathu kufupika kwa chiganizo sikuyesedwa ndi chiwerengero cha mawu. Werengani maphatikizo. "Anathamanga" ndi liwu limodzi, koma lili ndi maphatikizo asanu. "Anayamba kuthamanga" ali ndi asanu ndi atatu, mtsikana asanaponde n'komwe. Mneni wathu amasenza mwininkhani ndi nthawi pamutu pake, n'chifukwa chake mukandandalika aneni okhaokha liwiro silibwera.

Chachiwiri, mpumiro umaimitsa wowerenga. Mukauika pamene munthu akuthamanga momasuka, mwamumanga miyendo. Kuthamanga kwenikweniko kulembedwe m'chiganizo chachitali cholumikizidwa ndi "n'ku-", chopatulidwa ndi mipatuliro, kuti wowerenga athe mpweya pamodzi ndi wothawayo. Chiganizo chachifupi chisungidwe pamene china chamutsekera njira. Taonani:

"Yohane uyo, pamzere wa tomato. Tiyike anagwira Dalitso padzanja, n'kukhotera kwa ogulitsa salaula, n'kuwerama pansi pa madiresi opachika, n'kutulukira mbali inayo mapepala ali m'khwapa. Wilibala ya makala. Njira palibe."

Chiganizo chachitalicho chili ndi "ana-" mmodzi yekha. Zachifupi zitatuzo zilibe mneni wochita, zikungoloza chimene maso agwera. Zikuluma chifukwa cha chachitali chimene chili pakati pawo.

Gwiritsaninso mvekero pamene chinthu chikuchitika mwadzidzidzi. "Anagwa pansi mwamphamvu" ndi maphatikizo asanu ndi atatu, "pansi khu!" ndi atatu. Koma m'mawu 600 musapyole anayi kapena asanu. Akachuluka, nkhani imasanduka nthano ya kalulu ndi fisi, anthu n'kuyamba kuseka.

aZulu:
Amayi, ngati ndi sewero la pawailesi musavutike ndi ziganizo. Phokoso la msika likhale pansi, mapazi pamwamba. Wopirikitsayo ayambe kufuula ali kutali ndi maikolofoni, azisendera pang'onopang'ono, ndipo wothawayo apumire pafupi ndi maikolofoni. Masekondi 40 akwana, kupitirira apo omvera amasokonezeka kuti akuthamanga ndani.

Nambewe:
Zikomo aZulu, koma iyi ndi nkhani yowerenga m'buku. Aphunzitsi, ndagwira za "n'ku-". Nanga ndime zapakati? Ndayesa kuzikonza koma zonse zikungokhala "anaona ichi, anaona icho".

aPhiri aphunzitsi:
Zimene anena aZulu zikuyankha funso lanu, mwanawe, ngakhale iwo amaganizira za wailesi. Munthu wothawa ali ndi maso kutsogolo kokha. Zakumbuyo amazidziwa ndi makutu. Mukamucheutsa m'ndime iliyonse kuti aone Yohane, mukumuchedwetsa, komanso mukupha mantha, chifukwa woopsa ndi amene sakuoneka. Acheuke kamodzi poyamba, mwina kamodzinso kumtsinje. Pakati ponse mtunda wa pakati pa awiriwa uyesedwe ndi khutu, ndipo uzifupika. M'ndime yoyamba akumva dzina lake likuitanidwa pamwamba pa phokoso la msika. M'ndime yachitatu dzina lasiya, akumva nsapato zikuponda m'matope. Chakumapeto akumva kupuma kwake. Simunalembe paliponse kuti "Yohane ankayandikira", koma wowerenga wadziwa.

Kenaka musinthe chimene akumvera nthawi iliyonse malo akasintha, osati m'chiganizo chilichonse. Mumsika muli maso: mipata, ngodya, pothawira. Akatuluka kulowa m'kanjira ka pakati pa nyumba, thupi liyambe kulankhula. Munthu wamba sathamanga liwiro lake lonse kupitirira mamita 200 kapena 300, nanji wokoka mwana. Ndiye pamenepo pabwere kubaya m'nthiti, malovu owuma, dzanja la Dalitso likuterera ndi thukuta. Fungo lisungidwe pamene waima kapena wabisala, chifukwa munthu ali pa liwiro salabadira fungo, ndipo likangolembedwa wowerenga amadziwa kuti mwendo waima. Chonchi:

"Anakankhira Dalitso kuseri kwa matumba n'kumutseka pakamwa. Kapenta. Fungo linamulowa mpaka kukhosi. Nsapato zija zinadutsa, n'kuchepa, n'kuchepa. Zii. Kenaka zinayamba kubwerera."

Onani kuti mulibe "anamva fungo" kapena "anamva nsapato". Mawu oti "anaona" ndi "anamva" amaika wolemba pakati pa Tiyike ndi wowerenga. Pitani m'gawo lonse, muwawerenge, musiye awiri basi.

Cholakwika chimene chimabwera munthu akangophunzira zimenezi n'kuthira zonse m'ndime imodzi: fungo la nsomba, kulira kwa njinga yamoto, kutentha kwa dzuwa, mtundu wa chitenje. Pamenepo Tiyike wasanduka mlendo woona msika. Muyeso wake ndi uwu: chilichonse chimene akuona kapena kumva chikhale chomuthandiza kuthawa kapena chomulepheretsa. Chikapanda kukhala chimodzi mwa ziwirizi, chichoke.

Mayi Banda:
Ine ndikuona kuti ngakhale mutakonza ziganizo zonse, gawoli likwawabe ngati chimene Tiyike angataye pa liwu la 600 ndi chomwe chija cha pa liwu loyamba. Nambewe, tandiuzani, kuchokera pamsika kufika kumtsinje chikusintha n'chiyani?

Nambewe:
Amayi, amagwa kawiri, n'kugunda tebulo la tomato, kenaka n'kufika pamtsinje. Mapepala ali nawo mpaka kumapeto.

Mayi Banda:
Ndiye nthenda ili pomwepo. Kugwa kumene sikumulanda kanthu sikukweza nkhani. Akagwa n'kudzuka ali chimodzimodzi, mwangotayapo mawu 50. Chopinga chilichonse chimulande chinthu kapena chimutsekere njira imodzi, ndipo chimukakamize kusankha.

Mawu anu 600 ndingawagawe motere. Mawu 150 oyamba, chili pangozi ndi mapepala okha: akagwidwa alandidwa, mwina alandira mbama. Mawu 200 otsatira, vuto lisamukire pa Dalitso. Patapata wake waduka, waponda botolo losweka, sangathenso kuthamanga. Tiyike asankhe: amusiye kwa mayi wogulitsa ndiwo, kapena amubereke liwiro lichepe. Akamubereka, manja onse awiri agwira mwana, mapepala alowa m'kamisolo, ndipo nsapato za Yohane zimveka pafupi pa chifukwa chooneka.

Kenaka mawu 150: Yohane afuule kuti "Wakuba!" Liwu limodzilo litembenuza msika wonse. Anthu amene anali chobisaliramo asanduka omusaka, ndipo aliyense wa kuno akudziwa chimene gulu limachita ndi munthu woitaniridwa choncho. Apa chili pangozi ndi moyo. Ziganizo zifupike kwenikweni pamenepa, apa ndiye lamulo la aTembo ligwire ntchito. Mawu 100 otsala ndi pamtsinje: madzi adzaza, ali ndi mwana kumsana ndi mapepala amene sayenera kunyowa. Sangapulumutse zonse zitatu, iye, mwana ndi mapepala. Mutu uthere pa chimene wasankha, osati pa kufika kwake.

Tebulo la tomato lija musalitaye. Lisunthireni pamene Yohane watsala pang'ono kufuula "Wakuba!", kuti mwini tomatoyo akhale woyamba kuvomereza mfuuwo.

aTembo:
Amayi, pamenepo ndili ndi funso. Ngati Yohane angathe kufuula "Wakuba!", akudikiranji mpaka pakati? Wowerenga wochenjera afunsa. Munthu weniweni akanafuula pachipata pomwe.

Mayi Banda:
Funso labwino, achimwene. Pafunika chifukwa, ndipo chibzalidwe m'mutu wam'mbuyo. Yohane sakufuna anthu aone mapepalawo, chifukwa ali ndi dzina la malemu. Akufuna kuwatenga mwakachetechete. Afuula pokhapokha ataona kuti mtsikanayo watsala pang'ono kumupulumuka. Zikatero mfuuwo ukuonetsanso kuti naye wathedwa nzeru.

aTembo:
Ndamva, koma sindinakhutire. Tili m'mutu mwa Tiyike, ndiye wowerenga adziwa bwanji kuti Yohane wathedwa nzeru? Ine ndikanapatsa Yohane ndime imodzi yaifupi, mizere inayi, tione ndi maso ake.

aPhiri aphunzitsi:
M'mawu 600 ine sindingatero. Mukangolowa m'mutu mwa Yohane, ntchito yonse ya khutu ija yagwa, chifukwa wowerenga wadziwa pamene iye ali. Gawo likadakhala la mawu 2,000, lokhala ndi malo atatu kapena anayi, ndikanavomera kudumpha kamodzi. Pano mawu ake okha anene: poyamba aitane "Tiyike, taima tikambirane", kachiwiri atukwane, kachitatu afuule.

aTembo:
Ndikuonabe kuti mizere inayi siingaphe kanthu ngati ili pamalo pamene Tiyike wabisala, poti liwiro laima kale. Asisi, lembani njira zonse ziwiri, muwerengere munthu amene sadziwa nkhaniyi.

Nambewe:
Ndilemba zonse ziwiri. Chatsala ndi chimodzi: za bambo ake zija ndizitayiretu? Ndi zimene zikupatsa mapepalawo kulemera.

Mayi Banda:
Musazitaye, koma zisakhale maganizo a munthu ali pa liwiro. Mbiri ya mmene anavutikira ipite m'mutu wachisanu ndi chimodzi, pamene Tiyike akutsegula sutikesi. Pothawa pangotsala chinthu chimodzi chogwirika. Pamtsinje, akutulutsa mapepala m'kamisolo kuti awalume ndi mano, aone siginecha ya bambo ake, inki itayamba kale kusungunuka ndi thukuta. Mzere umodzi, osaufotokozera, kenaka phazi lilowe m'madzi. Mukatumiza zimene mwakonza, muyambire pa ndime ya patapata, chifukwa ndi imene ili yovuta kuilemba.