Chikwangwani chofiira cha pa ranwe chikundizunguza

Akuluakulu thandizeni, ndikukonzekera mayeso oyendetsa ndege. Za manambala a ranwe, msewu umene ndege imanyamukirapo ndi kuterapo, ndazimva, ranwe ya ku Kamuzu International Airport ndi 14/32 chifukwa mbali ina yaloza madigiri pafupifupi 140 pa kampasi inayo 320, amangochotsa ziro wakumapeto basi.

Pandivuta ndi apa, ukamatsatira mzere wachikasu wa pakati pa njira yopita ku ranwe umakafika pa mizere inayi yopingasa, iwiri yosadukiza iwiri yodukizadukiza, ndiye umaima mbali ya yosadukizayo mpaka akunsanja yoongolera ndege akuloleze kulowa. Pambali pamakhala chikwangwani chofiira malemba oyera, tinene 14-32. Ndiye kuti poyambira 14 pali kumanzere kwanga, kapena ndikakhotera kumanzereko ndiye ndaloza 140? Amene munayendetsapo ndege ndimasulireni chonde.